Mapu akale a Mangochi akukana kukhala pamalo pake mu QGIS, thandizeni chonde

Membala wosadzitchula dzina:
Akuluakulu zikomo. Ndili pa Mangochi pano, ndikuphunzira ntchito pa kabungwe kena koona za ulimi wothirira. Abwana andipatsa mapu akale a 1:50,000 oti ndikopemo madambo ndi timitsinje, tione kuti kale madzi ankadutsa pati. Iwo apita ku msonkhano ku nyanja, ine andisiya ndi laputopu yoti magetsi akangothima nayonso yathima. Ya sikani ndalipira ya m'thumba mwanga, mpaka lero ziii. Mapuwonso anali pansi pa katoni, opindidwapindidwa, m'munsi mong'ambika. Ndasikana pa 300 dpi, ndalowetsa mu Georeferencer, chida cha mu QGIS choikira mapu osikana pamalo pake enieni, ndaika mapointi 9. Pa njira ya Polynomial 1 Residual, nambala yoonetsa mmene mapointi aphonyera, imabwera yoopsa, mapikiselo 30, pena 40. Nditasintha kupita pa Thin Plate Spline yonse yakhala 0, ndinavina ndekha muofesi. Koma poika mapuwo pamwamba pa chithunzi cha setilaiti, pa Boma pokha ndiye pakugwirizana. Msewu wa ku Namwera wapindika ngati sunali woongoka chiyambire, ndipo mudzi wina wagwera m'dambo. Lipoti likufunika Lolemba. Ndipange bwanji?

Che Kampasi:
MAPOINTI 9?? Mphwanga mukuseweratu. Ikani 30, sankhani Polynomial 3, nkhani yatha. Ine ntchito imeneyi ndinayamba inu musanabadwe.

Kabaza Wa Pa Mlatho:
Mudzi wagwera m'dambo? Auzeni abwana kuti ulimi wothirira wayamba kale 😂

Mayi Wa Mapu:
Achimwene, musanawonjezere pointi ina iliyonse, tiuzeni kaye: manambala a mapointi 9 amenewo mwawatenga kuti? Ndipo pa Target CRS, posankhira dongosolo la manambala a malo, mwasankha chiyani? Residual ya 0 pa Thin Plate Spline siikutanthauza kuti mwakhoza. Njira imeneyo imakoka mapu mpaka pointi iliyonse igwere ndendende pamene mwailozera, ngakhale mwalozera polakwika. Zili ngati kukhomera chikopa cha ng'oma: pamene pali msomali chimagwira, pakati chimakokeka mmene chafunira. Ndiye 0 ameneyo amabwera nthawi zonse, sakuuzani kanthu.

Che Kampasi:
Mayi inu musamusokoneze mwanayu ndi mafunso. Vuto ndi pepala. Pepala lakale limafota ndi chinyezi cha kunyanja kuno, m'mopindamo limatambasuka. Polynomial 1 singawongole zimenezo. Mapointi ambiri basi!

Mayi Wa Mapu:
Pepala limafotadi Che Kampasi, pamenepo sindikutsutsani. Koma tawerengani. Pa 300 dpi pikiselo imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.085 papepala, ndipo pa mapu a 1:50,000 amenewo ndi mamita 4 ndi pang'ono pansi. Mapikiselo 40 ndi mamita oposa 160, kutanthauza mamilimita oposa 3 papepala. Kufota kwa pepala lonse mofanana Polynomial 1 imakukonza yokha, chifukwa imatambasula m'litali ndi m'lifupi padera. Chotsala ndi cha m'mopinda, ndipo mzere wopinda sungasunthe mapointi onse 9 ndi mamilimita 3. Pali china chimene sitinauzidwe.

Mlimi Wa Ku Malindi:
Nkhani za mapu zimenezi ine zinandidyera munda. Anabwera anyamata ndi makina awo, akuti malire ndi pa mtengo wa mango, pomwe agogo anga ankalima mpaka kutsidya la khwawa. Mpaka lero nkhani ili kwa amfumu. Mwana iwe usamale, mapu akowo asadzalande minda ya anthu.

Membala wosadzitchula dzina:
Ayi bambo, si za malire a minda izi. Ndipo ine ndangotumidwa, ngakhale ya thiransipoti sandipatsa.

Aunt Wa Salaula:
Bwanji osangoyatsa mapu a pafoni? Ine ndikapita kokaoda katundu amandilondolera bwinobwino mpaka pakhomo.

Kabaza Wa Pa Mlatho:
Aunt, iyeyu akufuna dambo la nthawi ya Fort Johnston, foni yanu siilidziwa.

Che Kampasi:
Ana a masiku ano ndi choncho, chilichonse pakompyuta. Tuluka panja, pita pa nsanja ya wotchi ija ya pa Boma, pa mlatho, pa gombe, pa mphambano ya ku Monkey Bay, tenga manambala ndi foni. Mapointi enieni ndi oponda ndi phazi. Ife timayenda wapansi mpaka Makanjira.

Mphunzitsi Wa Jogalafe:
Akulu, wotchi ndi mlatho zayandikana kwambiri, papepala ndi malo amodzi. Mapointi ounjikana pa Boma amagwira pa Boma pokha, kutali mapu amatayika, makamaka pa Polynomial 3 yanuyo imene imapotoza m'mphepete mopanda mapointi. Komanso mlatho wa Bakili Muluzi ndi wa posachedwa, ngati mapuwo ndi akale ndithu ndiye umene uli pamenepo ndi wakale uja. Gombe ndiye musayerekeze n'komwe. Mwaiwala mmene nyanja inakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo? Gombe, bango la m'mbali mwa Shire, malire a nyanja ya Malombe, zonsezi zimasuntha.

Che Kampasi:
Aphunzitsi phunzitsani ana ku sukulu. Munayamba mwagwirapo tepi yoyezera inu?

Mphunzitsi Wa Jogalafe:
Tepi ikukhudzana bwanji ndi gombe losuntha?

Membala wosadzitchula dzina:
Mayi pepani ndachedwa, magetsi anathima. Mapointi 4 a m'makona ndatenga pa mizere ya giridi ya pamapu pomwepo, ndalemba manambala a m'mphepete, monga 745000 ndi 8400000. Ena 5 ndatenga pa chithunzi cha setilaiti ndi From Map Canvas, mphambano za misewu ya pa Boma ndi mlatho. CRS ndaika EPSG:32736 chifukwa ndi imene ili pa mafailo onse a muofesi.

Mayi Wa Mapu:
Eyaa, ndi pamenepo. Mwaphatikiza manambala a mitundu iwiri. Mapu akale a 1:50,000 a dipatimenti yoona zoyeza malo anajambulidwa pa Arc 1950, pomwe chithunzi cha setilaiti ndi foni zili pa WGS 84. Zonse ndi UTM 36S, manambala amaoneka ofanana, koma malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita pafupifupi 300 pa nambala ya kumpoto, ndi makumi ochepa chabe pa ya kum'mawa. Mukalemba manambala a Arc 1950 n'kuwatchula kuti ndi EPSG:32736, makona anayiwo akukankhira mapu cha kumpoto mamita 300, pamene asanu a pa Boma akuwagwira pamalo oyenera. Polynomial 1 inalephera kukondweretsa mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake inakuonetsani 30 ndi 40. Imanena zoona. Thin Plate Spline inangopinda mapu kuti onse agwirizane, msewu wa ku Namwera n'kupindika nawo.

Chitani chonchi. Fufutani asanu a setilaitiwo. Gwiritsani giridi yokha, chifukwa pa mapu amenewa mizere imadutsana pa masentimita 2 alionse, yomwe ndi kilomita imodzi, ndipo nambala yake ndi yodziwika kale, simukuchita kuganizira. Tengani mphambano za giridi 9 kapena 12: pafupi ndi makona onse, pakati pa mbali iliyonse, ndi pakatikati. Kulitsani chithunzi mpaka mzere uoneke wonenepa, dinani pakati penipeni pa mtanda. Target CRS ikhale EPSG:20936, yomwe ndi Arc 1950 / UTM zone 36S, ndipo pa kawindo kolembapo X ndi Y onetsetsani kuti CRS ndi yomweyonso. Yambani ndi Polynomial 1. Sikani yabwino Residual imakhala pikiselo imodzi kapena awiri. Pointi imodzi ikadumpha yokha pa 100 ndi kuposa, mwawerenga mzere woyandikana nawo, popeza kilomita imodzi ndi mapikiselo 236, ngakhale kulakwako kumagawikanso pa anzake.

Che Kampasi:
Mwaonatu? Ndinanena kuti mapointi achuluke. 12 si 9.

Kabaza Wa Pa Mlatho:
Che Kampasi munati 30 ndi kuyenda wapansi mpaka Makanjira 😂😂

Che Kampasi:
IWE KHALA CHETE. Ndipo ndikubwerezanso, mapu opindidwa ngati amenewo Polynomial 1 idzasiya zokhota. Muona.

Mayi Wa Mapu:
Zikhoza kutero. Akaona kuti mapointi a m'mbali mwa mzere wopinda okha ndiwo ali ndi 4 kapena 5, apite pa Polynomial 2, imene imafuna mapointi osachepera 6, koma aike 15 kapena kuposa kuti Residual ikhale ndi tanthauzo. Pa 6 ndendende idzaonetsanso 0 wabodza uja, chimodzimodzi Polynomial 1 pa mapointi 3 ndi Polynomial 3 pa 10. Thin Plate Spline ili ndi malo ake, pepala likakhala lokwinyika kwenikweni ndipo mwaika mphambano za giridi zambiri mbali zonse ziwiri za mopindamo. Koma poyesa musadalire Residual. Mphambano za misewu mwafufuta zija ndizo zoyesera tsopano. Mapu akatuluka, yezani mtunda pakati pa mphambano ya pamapu ndi ya pa setilaiti pa malo anayi otalikirana. Zonse zikasunthira mbali imodzi ndi mtunda wofanana, vuto ndi CRS. Zikasuntha uku pang'ono uko kwambiri, vuto ndi mapointi kapena pepala. Mamita 20 kapena 30 musadandaule nawo, theka la milimita papepala ndi mamita 25 kale, ndipo msewu amaujambula wonenepa kuposa mmene ulili.

Mphunzitsi Wa Jogalafe:
Koma Mayi, mukutsimikiza bwanji kuti ndi Arc 1950? Zimenezo zimalembedwa m'munsi mwa mapu, ndipo mnyamatayu wati m'munsi mong'ambika.

Mayi Wa Mapu:
Sindinawaone mapuwo aphunzitsi, n'chifukwa chake ndikuti ayeze. Atulutse kawiri ndi mapointi a giridi omwewo, kamodzi pa EPSG:20936, kenako pa EPSG:32736. Imodzi idzagona pa misewu, inayo idzaphonya ndi mamita 300. QGIS ikafunsa njira yosinthira kuchoka pa Arc 1950 kupita pa WGS 84, asankhe imene yalembedwa Malawi.

Mlimi Wa Ku Malindi:
Mamita 300 amenewo ndiye munda wanga uja ndithu. Mayi, mungabwere kudzafotokoza kwa amfumu?

Mayi Wa Mapu:
Bambo, za munda wanu sindingalankhulepo ndisanaone mapepala, ndipo mapu a 1:50,000 sayezera malire a munda.

Membala wosadzitchula dzina:
Ndayesa ndi giridi, mapointi 12, EPSG:20936. Residual yaikulu ndi 2.3, msewu wa ku Namwera wawongoka, mudzi uja watuluka m'dambo. Koma theka lakumanzere lokha. Ndinasikana zidutswa ziwiri chifukwa makina a pa shopu ndi a A3, ndiye ndinazilumikiza ndekha pakompyuta. Chidutswa cha kumanja mapointi ndinawazimitsa chifukwa amakwera mpaka 15. Ndiwayatse kapena?

Che Kampasi:
ZIDUTSWA ZIWIRI?? Ndipo mukunena pano? Polynomial 3 mphwanga, ndakuuzani kuyambira m'mawa!

Mphunzitsi Wa Jogalafe:
Musalumikize. Chidutswa chilichonse chilowe mu Georeferencer pachokha ndi mapointi ake, zikakumana zokha pa giridi.

Che Kampasi:
Ntchito kawiri imeneyo, Lolemba lafika kale. Aphunzitsi inu mudzamulipira ndinu?