Aphunzitsi ondilembera kalata ya umboni angoti zii, kwatsala masiku 16: ndidikire kapena ndisinthe?

Tadala:
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndikufunsira malo a masitazi pa yunivesite ina, ndipo akufuna makalata awiri a umboni, ina ya kuntchito, ina ya munthu amene anandiphunzitsa. Makalatawo sindine wotumiza. Ndimangolemba dzina ndi imelo ya munthuyo pa fomu, eni sukulu amamutumizira linki kuti aike yekha kalatayo. Ya kuntchito inalowa kale, abwana anga akale anatumiza pa 12 Disembala. Vuto lili kwa adokotala amene anandiyang'anira pa kafukufuku wa chaka chomaliza. Ndinawapempha pa 20 Novembala, anayankha kuti palibe vuto. Ndinalemba dzina lawo pa fomu pa 5 Disembala, ndinawakumbutsa pa 18, koma mpaka lero pa dzina lawo pakadali `Pending`. Uthenga wanga anauwerenga, sanayankhe. Lero ndi 30 Disembala, kutseka ndi pa 15 Januwale.

Ndikuopa kuwavutitsa, ndi munthu wamkulu ndipo sindikuwalipira. Ndikasintha, ndili ndi anthu awiri. Pali apulofesa otchuka amene anali mkulu wa dipatimenti yathu, koma anandiphunzitsa kosi imodzi chaka choyamba, tili khamu m'kalasi, ndikukayika ngati nkhope yanga angaikumbuke. Palinso lekichara wachinyamata wopanda udokotala, amene anandiphunzitsa makosi awiri ndipo ndinamuthandiza kufunsa anthu mafunso pa kafukufuku wake kwa miyezi iwiri. Mukanakhala inu mukanatani?

Gift:
Tengani apulofesawo mlongo, musataye nthawi. Dzina limalankhula. Osankha akangoona kuti wasaina ndi pulofesa, basi nkhani yatha.

Mayi Nachisale:
Ndakhalapo zaka zingapo m'komiti yosankha ophunzira, ndiye ndiyambe ndi mfundo ya a Gift. Kalata ya munthu wamkulu amene sakukudziwani timaizindikira tisanafike pakati. Imati wophunzirayu ndi wakhama, waulemu, amasunga nthawi, ndipo ndikhulupirira adzachita bwino. Mutachotsa dzina lanu n'kuikapo la wina, palibe chingasinthe. Kalata yotere siikuphani, koma siikuthandizaninso. Yomwe timabwerera kukaiwerenganso ndi yonena chinthu chimene wolembayo anaona ndi maso ake, mwachitsanzo kuti mtsikanayu anazindikira kuti funso lina pa fomu ya kafukufuku anthu akulimva molakwika, anabwera kudzandiuza, tinalikonza. Zoterozo apulofesa anuwo alibe, lekichara wachinyamatayo ali nazo. Mafomu ambiri amafunsanso wolembayo kuti wakudziwani kwa nthawi yaitali bwanji komanso ngati ndani. Kosi imodzi ya chaka choyamba imaonekera pomwepo.

Koma tisanafike posintha, a Tadala, ndikufunseni. Pamene adokotala anavomera, munawatumizira chiyani?

Tadala:
Kunena zoona sindinawatumizire kanthu, amayi. Ndinangothokoza. Ndimati poti anandiyang'anira okha, akundidziwa. Ndinamaliza zaka zinayi zapitazo.

Mayi Nachisale:
Ndiye mwina kukhala chete kwawo si kukana ayi. Taganizani mutakhala iwo. Zaka zinayi zadutsa, ayang'anira ophunzira ena ambiri pambuyo panu. Atsegula kompyuta kuti alembe, akukumbuka kuti munali wabwino, koma mutu wa kafukufuku wanu sakuukumbuka bwino, sakudziwa kuti mukufuna masitazi a chiyani, sakudziwa zomwe mwakhala mukuchita. Kuti ayambe kufufuza zonsezo ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndiye amati ndilemba mawa. Ine ndemwe ndachitapo zimenezi kwa ana a eni, sindikunyadira.

Lero lomwe atumizireni imelo imodzi yokhala ndi zonse. Pamwamba penipeni lembani dzina la kosi, yunivesite, tsiku lomwe mukufuna kalata ikhale italowa, ndi adiresi yomwe linki ikuchokera kuti aifufuze mosavuta. Phatikizani sivii yanu, pepala la magiredi, ndi nkhani ija mwalemba yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira kosiyo, ngakhale isanathe kukonzedwa. Kenako, m'mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, akumbutseni zomwe munachitira limodzi: mutu wa kafukufuku, chaka, giredi yomwe munapeza, vuto lomwe munakumana nalo ndi momwe munalithetsera. Ngati sukuluyo yalemba zomwe ikufuna wolemba kalata anenepo, zikopereni momwemo. Musawauze kuti anene kuti ndinu wanzeru. Apatseni zochitika, mawu oyamikira apeza okha.

Za tsiku, musawapatse 15 Januwale. Auzeni moona kuti sukulu ikutseka pa 15, koma mukupempha kuti ikhale italowa pofika pa 8, kuti linki ikavuta pakhale mpata wokonza. Mukatumiza imeloyo, aimbireni foni mawa lake. Mufunse funso lowapatsa potulukira, monga: "Kodi zitheka pofika pa 8, kapena nthawi yakuthinani ndipemphe wina? Sindidandaula." Munthu amene akuchita manyazi kukana amamasuka akafunsidwa chonchi, ndipo kukana kwa pa 31 Disembala n'kwabwino kuposa chete wa pa 14 Januwale.

Lekichara wachinyamatayo muyankhule naye lero lomwe, osadikira. Mumuuze zoona, kuti munapempha kaye okuyang'anirani, ayamba kuchedwa, ndipo mukufuna kudziwa ngati angathe kulemba kalata yamphamvu m'masiku 10 zikavuta. Mumutumizirenso zinthu zomwezo. Ikafika 5 Januwale adokotala asananene chomveka, sinthani dzina pa fomu ndipo muwadziwitse mwaulemu kuti mwatero. Masiku 10 kwa munthu watsopano ndi ochepa kale, anthu ambiri amafuna milungu inayi kapena kuposa. Mukapitirira pa 5 mukhala mukumupempha chozizwitsa.

Bambo Jere:
Ine sindikuona chovuta. Pitani kwa abusa anu kapena wachibale amene ali ndi udindo akulembereni kalata yoti ndinu wa khalidwe labwino, adinde chidindo, mujambule, mutumize. Ine yanga anandilembera kalekale, ndimangoichita fotokope paliponse ndikafunsira ntchito.

Chifundo:
Bambo Jere, imeneyo ndi kalata ina, ya khalidwe. Apa akufuna munthu wonena za maphunziro ake, ndipo wachibale saloledwa pafupifupi kulikonse. Komanso mwamva kuti Tadala sangaike yekha kalatayo.

Tadala, ine ndikuuze zomwe zinandichitikira, usanayambe kuwaganizira zoipa adokotala. Wanga ankalumbira kuti palibe linki yomwe walandira, ine ndikuona pa fomu kuti inatumizidwa. Tinakangana mwakachetechete milungu iwiri. Tsiku lina ndinapita ku ofesi kwake, tinatsegula limodzi `Spam`, imelo ili phee mmenemo pakati pa za malonda. Ndiye uone zinthu zitatu. Kodi imelo unalemba pa fomu ndi yomwe akugwiritsa ntchito panopa, ndipo sunaphonye chilembo? Kodi pali batani la `Resend` kuti uwatumizirenso uli nawo pa foni? Chachitatu, mafomu ena satumiza linki mpaka iweyo utamaliza fomu yonse n'kudina `Submit`. Werenga bwino, mwina ukudikira kalata pomwe munthu sanapemphedwe n'komwe.

Tadala:
Chifundo wandichititsa manyazi. Ndaona, linki inapita pa 5 pomwepo, koma imelo ndinalemba ndi ya ku yunivesite kumene ndinaphunzira, ndipo mnzanga wangondiuza kuti adokotala anasamukira ku yunivesite ina chaka chatha. Mwina sanaione n'komwe. Koma nanga bwanji osayankha uthenga wanga wa pa 18?

Chifundo:
Unalemba chiyani pa 18?

Tadala:
"Ndimangokumbutsa za nkhani ija."

Chifundo:
Nkhani iti? Munthu alibe linki, alibe tsiku, ndi nthawi yochonga mayeso ndi ya tchuthi. Nanenso ndikanati ndiyankha ndikakhala pansi. Uwafunse imelo yawo ya kuntchito yatsopano. Ya Gmail masukulu ena amaikana, ena amailandira koma amafuna kalata ikhale pa pepala la chizindikiro cha yunivesite, ndiye ufunse usanalembe. Uonenso ngati fomu ikulola kusintha imelo wekha. Kwina umayenera kuchotsa munthuyo n'kumulembanso, kwina umalembera ofesi yolandira ophunzira kuti akusinthire, ndipo masiku ano a tchuthi angachedwe kuyankha. Ulembe lero.

Gift:
Chabwino, za apulofesa ndagonja pang'ono, ngakhale ndikudziwa anthu amene dzina linawathandiza. Koma njira yachangu ilipo. Lembani nokha kalatayo, muwatumizire, iwo angosaina. Malekichara ambiri amakuuza okha kuti lemba ndisaine.

Mayi Nachisale:
Zoti ambiri amatero n'zoona, ndipo ndi chifukwa chake timalandira makalata omveka ngati nkhani ya wofunsirayo, mawu omwewo, zolakwika za galamala zomwezo. Tikaona choncho kalatayo imatha mphamvu. Masukulu ena amaletseratu poyera, ndipo pa fomu pamakhala pomwe wolembayo amatsimikiza kuti walemba yekha. Akakuuzani kuti lembani, yankhani kuti mutumiza mfundo zonse kuti iwo angoziluka m'mawu awo. Za dzina, ndikuvomereza pamodzi pokha: pulofesa wodziwika amene amakudziwanidi amaposa lekichara amene amakudziwani chimodzimodzi. Kwa Tadala sizili choncho.

Wezi:
Ine sindikugwirizana nazo kwathunthu, amayi. Wanga ananena mosabisa kuti popanda dirafiti salemba, ali ndi ophunzira ambiri. Ndinalemba, iye anasintha pafupifupi theka, anawonjezera zomwe ine sindikanalimba mtima kudzinenera, anatumiza yekha. Kodi pamenepo ndinalakwa? Ndikanakana ndikanatsala opanda kalata. Mfundo pa pepala ndi dirafiti, kusiyana kwake kumayambira pati?

Mayi Nachisale:
Kumayambira pa zomwe sukuluyo yalemba m'malamulo ake, ndi ngati wosainayo angayankhe ataimbiridwa foni kufunsidwa za kalatayo. Wanu akanatha. Koma ine sindingalangize munthu pagulu kuti atero, chifukwa osintha theka ndi ochepa, ambiri amangosaina.

Wezi:
Pamenepo tisiyana, koma ndamva. Tadala, uonenso ola lotsekera. Likakhala pa nthawi ya dziko kumene kuli sukuluyo, 15 yawo ikhoza kutha yako isanathe. Ufunsenso ngati tsiku la makalata ndi lomwelo la fomu, masukulu ena amapereka masiku owonjezera kwa olemba makalata, ena fomu yopanda kalata saiwerenga n'komwe.

Tadala:
Ndabwera ndi zomwe zachitika. Ndawaimbira adokotala mmawa uno. Linki sanailandirepo, akuti ankadabwa kuti ndangoti zii. Andipatsa imelo yatsopano, fomu yalola kusintha, ndatumizanso tili pa foni ndipo yafika. Zinthu zonse zija ndawatumizira. Koma akuti ali pa ulendo mpaka pa 6, alemba akabwerera, ndipo pa 8 sakulonjeza, akuti mwina pa 11. Lekichara uja wavomera, akuti atha kulemba sabata ino. Fomu imalandira makalata awiri okha, wachitatu palibe pomuika. Ndiye ndakhalanso pamphambano: ndidikire pa 11 kwa munthu amene kalata yake ndi yomwe ndikuifunitsitsa, kapena nditenge yotsimikizika?

Chifundo:
Ine ndikanatenga yotsimikizika. "Mwina pa 11" ndimaidziwa.

Mayi Nachisale:
Ine ndikanadikira, poti tsopano ali ndi zonse ndipo wokuyang'anira pa kafukufuku ndi amene komiti imayembekezera kumva. Koma mumupemphe lekicharayo, ngati angalole, alemberetu yake aisunge, mumuuze poyera kuti mwina siigwira ntchito ulendo uno. Pa 11 madzulo mukaona pakadali `Pending`, pa 12 mmawa sinthani dzina.