Loto la pa guwa likundisautsa, ndithandizeni

Moni nonse a m'gulu lino. Ndili ndi vuto lomwe landisowetsa tulo, ndipo ndikupempha nzeru zanu.

Ndimaimba mu kwaya ya ku tchalitchi kwathu. Mwezi watha anandisankha kuti ndidzatsogolere nyimbo imodzi pa chikondwerero cha makwaya. Kuchokera tsiku limenelo, ndalota loto lomwelomwelo kanayi. Ndimakhala nditaima kutsogolo, maikolofoni ili m'manja, anzanga andandalika kumbuyo kwanga. Wa kiyibodi akayamba, ndimatsegula pakamwa koma mawu osatuluka, kukhosi gwa! Anthu saseka ayi. Amangondiyang'ana duu, ndipo mayi wina wa mpango woyera pa benchi loyamba amapukusa mutu pang'onopang'ono. Kupukusa mutu kumeneko ndi kumene kumandipweteka kwambiri.

Ndimadzidzimuka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, mtima ukugunda, thukuta lili kamukamu. Ndaona kuti lotoli limabwera usiku wa tsiku limene tachita pulakatisi, makamaka aphunzitsi a kwaya akandibwezetsa mzere pamaso pa anzanga. Ndiye ndikukhulupirira kuti gwero lake ndi mantha anga omwe, osati malodza monga akunenera azakhali.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti manthawo ayamba kunditsata masana. Lachinayi lapitali mawu ananjenjemera pa vesi yomwe ndimaidziwa bwinobwino.

Amene munadutsamo, munatani? Ndamva za njira yoti masana uzilingalira lotolo ukulisintha mathero, mphindi zochepa tsiku lililonse. Alipo anaiyesa, ndipo zinatenga masabata angati? Kapena ndiyambe kuimba pamaso pa anthu atatu kapena anayi kunyumba, n'kumaonjezera? Kwatsala masabata atatu, ndipo sindikufuna kubweza nyimboyi.