NB wa pansi pa kalata wandiika m'mavuto, thandizeni

Wotayipa Watsopano:
Akuluakulu, mutu waima. Lachiwiri bwana anandipatsa dirafuti yolemba pamanja, makalata 14 oitanira anthu ku intavyu. Pansi penipeni, kupitirira malo osainira, analemba NB kenako mzere woti aliyense abwere ndi masatifiketi enieni, osati mafotokope. Ine ndinkadziwa kuti NB ndi notisi bodi, ndiye mzerewo ndinautayipa papepala lina n'kukakhoma pabolodi. Makalata anasainidwa mothamanga, apita onse opanda mzerewo. Lero bwana aona kope ya mufayilo, akalipa koopsa. Intavyu ndi Lolemba. NB ameneyu kwenikweni ndi chiyani, nanga ndikonze bwanji?

Mayi wa ku Rejisitiri:
Pepani mwanangu, simuli nokha, ambiri amaganiza za bolodi. NB ndi Chilatini, nota bene. Nota ndi mawu olamula, akuti zindikira kapena onetsetsa, bene ndiye kuti bwino. Wolembayo akukoka wowerenga malaya kuti pa zonse wawerengazi, ichi chokha asachiphonye. Tsono mzere umene munauchotsawo ndi umene bwana amaufuna kwambiri m'kalatamo.

Kalaliki Wakale:
NB ndi PS ndi chimodzimodzi basi. Zonse ndi zimene munthu waiwala n'kudzaphatika kumapeto. Bwanayo ndiye wolakwa, akanaziika m'kati.

Mayi wa ku Rejisitiri:
Ayi bambo, n'zosiyana. PS ndi post scriptum, zolembedwa pambuyo, kalata itatha kale, ndiye malo ake ndi pansi pa siginecha pokha. NB sanena kuti chinthu chinaiwalika, amanena kuti n'chofunika, ndipo atha kukhala pakati pa tsamba, pansi pa tebulo la manambala, ngakhale m'mphepete.

Sekilitale wa Sukulu:
Koma chenjerani, musati poti mwapsa lero ndiye muzitayipa NB aliyense amene mwamuona padirafuti. Ine zinandionekera mwa mtundu wina. Ahedi analemba ndi pensulo m'munsi kuti NB, isatuluke mpaka komiti ikumane. Ine osaganiza, ndinatayipa momwemo, kalata n'kupita kwa makolo ili ndi mzere umenewo. Manyazi ake sindidzaiwala. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa kuti zimene mzerewu ukunena angachite ndani. Kubweretsa satifiketi angachite ndi wolandira kalata, ndiye ulowe m'kalata. Kudikira komiti ndingachite ndine, ndiye ndi wanga. Ukakayika, kagogode ukafunse, ngakhale akuyang'ane moipa.

Mnyamata wa Fotokope:
Kwathu kuno pa mafomu pamalembedwa No. kenako nambala. Si yomweyo imeneyi?

Sekilitale wa Sukulu:
Ayi achimwene, imeneyo ndi nambala, nkhani ina.

Kalaliki Wakale:
Ine ndatayipa makalata kuyambira nthawi ya makina a riboni ndi kaboni. Munthu ukaiwala chinthu sunkayambanso tsamba lonse, unkangoika pansi, wina NB wina PS, palibe anadandaulapo. Chilatinicho ndamva, koma pantchito ndi chimodzi.

Mayi wa ku Rejisitiri:
Zoti anthu amazisakaniza ndikuvomera. Pena pamene ndikugwirizana nanu ndi apa: chinthu chimene chingamulepheretse munthu intavyu sichiyenera kukhala pansi pa siginecha. Maso a munthu akafika pa dzina la wosaina amaona ngati kalata yatha, amapinda. Komanso pakabuka mkangano, wina atha kunena kuti mzerewo unaonjezedwa kalata itasainidwa kale. Ine ndimaukweza pamwamba pa malo osainira, zilembo zakuda, koma ndimayamba ndawauza bwana.

Za Lolembazo, musatayipenso kalata yomweyo ndi deti ndi refurensi yakale ngati kuti sipanalakwike kanthu. Mufayilo mudzakhala makalata awiri osiyana a nambala imodzi, ndipo tsiku lina zidzakutsatani. Lembani ina yaifupi, deti ya lero, itchule refurensi ya yoyamba ija, inene chinthu chimodzi chokhacho. Koma poti masiku atha, imbirani onse 14 lero lomwe, muzichonga dzina lililonse ndi nthawi imene mwalankhula naye.

Sekilitale wa Sukulu:
Ndipo ngati chidziwitso chili m'Chichewa, ine NB ndinasiya. Ndimalemba kuti Dziwani izi, aliyense amamva. Chinanso, musaike atatu anayi patsamba limodzi. Ndinaonapo chidziwitso cha mayeso chili ndi NB asanu, ana anagwira woyamba yekha, wonena za nthawi yolowera m'chipinda anali wachinayi.

Mnyamata wa Fotokope:
Nanga madontho? Ena amalemba N.B. ena NB.

Mayi wa ku Rejisitiri:
Zonse n'zololedwa, tsatirani mmene ofesi yanu imalembera, bola musasinthesinthe m'kalata imodzi.

Kalaliki Wakale:
Mwaonatu, nanunso mukuti akweze m'kati. Ndi zomwe ndanena poyamba paja, bwanayo anaiwala, n'chifukwa chake anaika pansi.