Ndilembe chiyani, ndisiye chiyani pa uphungu wa mayi amene akudumphitsa ma ARV?

Moni nonse a pagulu pano. Ndimagwira ntchito ya uphungu pa chipatala china chaching'ono, mbali ya ma ARV, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa ntchitoyi. Zina ndazisintha dala kuti mwini nkhani asadziwike.

Pali mayi wina amene akumwa ma ARV a mtundu wa 13A, ndipo zotsatira za vayirolodi, kutanthauza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, zabwera pamwamba pa 1,000, motero tayamba uphungu wapadera wa kamwedwe ka mankhwala tisanamuyezenso pakatha miyezi itatu. Analandira botolo la mapilisi 90 ndipo anabwera patatha masiku 84. Otsala anayenera kukhala 6, koma tinawerenga 27, kusonyeza kuti masiku 21 sanamwe. Titakhala awiri anandiuza kuti anakwatiwanso, mwamuna wake sakudziwa kuti ali pa ma ARV, ndipo botolo amalisunga kwa mchemwali wake, kotero kuti masiku amene bamboyo ali pakhomo amasowa chifukwa chotulukira. Ananenanso kuti bamboyo akaledzera amam'menya.

Buku lake la kuchipatala limakhala m'chikwama chimodzi ndi mabuku a sikelo a ana, ndipo mwamunayo amalitsegula. Fayilo yake ya kuno imadutsanso m'manja ambiri, ndipo wina mwa ogwira ntchito amapemphera naye mpingo umodzi. Ndikalemba zonse, ndikuopa kumuika m'mavuto. Ndikalemba zochepa, mnzanga amene adzamuone mwezi wamawa adzangom'dzudzula kuti ndi wamphwayi. Kodi malire ake ndi ati?

Yankho la bambo wina:
Pepani, koma ine ndikuona kuti vuto si zolembazo. Mwamunayo ali pa chiopsezo, ndipo muyenera kumuitana n'kumuuza zoona kuti nayenso ayezetse.

Yankho la namwino amene wakhalitsa ku ma ARV:
Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa vayirolodi ikakwera chonchi chiopsezo chopatsira chilipodi. Koma Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 silipatsa wazaumoyo ufulu wongoulula za munthu mmene wafunira, ndipo pamene pali nkhanza, kuitana mwamuna mopupuluma kungam'vulazitse mayiyu kapena kum'thawitsiratu ku chipatala. Kuulula kumakonzedwa pamodzi ndi mwini wake, pang'onopang'ono.

Tsono kwa inu aphungu, muyambe mwasiyanitsa mapepala. Buku la kuchipatala ndi lake ndipo limapita kunyumba, choncho mulione ngati kalata imene aliyense wa pakhomopo angawerenge. Mmenemo musalembemo chilichonse cha zomwe munakambirana. Masitala khadi ndi yolembapo manambala, monga tsiku, mapilisi otsala, masiku amene sanamwe, zotsatira za magazi ndi tsiku lobwereranso. Zauphungu zikhale pa pepala lotsala kuchipatala, lokhala ndi nambala yake ya ARV m'malo mwa dzina ndi mudzi.

Pa chiganizo chilichonse mudzifunse ngati mnzanu wodzamuona adzachitapo kanthu kosiyana atachiwerenga. Ine ndikanalemba motere: “Otsala 27 m'malo mwa 6, masiku 21 sanamwe. Chopinga chachikulu: sanaulule kunyumba, mankhwala amasungidwa kunja kwa nyumba, sawafikira tsiku lililonse. Pali nkhawa ya chitetezo kunyumba, funsani ali yekha. Tagwirizana kuti azikhala ndi mapilisi a masiku ochepa pamalo amene wasankha yekha, ndipo azimwa m'mawa. Makondomu takambirana. Abwerenso pakatha mwezi.” Simunatchule mchemwali, mowa, mpingo kapena ntchito ya mwamuna, komabe wowerenga wadziwa kuti vuto si kuiwala, ndiye sadzataya nthawi kumuuza kuti atchere alamu pa foni.

Mawu monga “wosamvera” kapena “wonama” muwapewe, chifukwa akangolembedwa amam'tsatira munthu zaka zambiri, ndipo aliyense wotsegula fayilo amayamba ndi ukali. Lembani zomwe mwawerenga ndi zomwe iye wanena, osati chigamulo chanu. Musanatseke fayilo, muwerengereni zomwe mwalembazo ndipo mumufunse ngati pali choti chichotsedwe.

Yankho la mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi:
Ine ndimaona kuti nkhani zotere ndi bwino osazilemba n'komwe, mungozisunga mumtima. Chomwe sichinalembedwe palibe angachiwerenge.

Namwino uja anayankhanso:
Mwalondola pa zinthu monga dzina la mchemwali, koma osati pa zonse. Ngati vayirolodi yachiwiri idzabwerenso yokwera, oona za mankhwala adzafuna umboni woti uphungu unachitika komanso ngati kamwedwe kanasintha, kuti asiyanitse munthu amene sakumwa ndi munthu amene mankhwala asiya kum'gwira. Popanda zolemba, adzangoganizira. Komanso phungu amasamutsidwa kapena kudwala, ndipo mayiyu adzakakamizika kufotokozanso nkhani yowawa kwa munthu wachilendo.

Inuyo alangizi muli ndi mbali yofunika pano. Pa masitala khadi pamalembedwa ngati munthu wavomera kulondoledwa, komanso foni yake ndi ya gadiyani. Aphungu amufunsenso mayiyu za zimenezi, popeza anavomera asanalowe banja latsopanoli, ndipo mwina nambala yomwe ilipo tsopano imayankhidwa ndi bamboyo. Alembe momveka ngati sakufuna kuyenderedwa kunyumba.

Yankho la mayi wina amene ali pa mankhwala:
Ine ndikulankhula ngati amene zinandichitikira. Tsiku lina ndinapita ndi malungo, ndipo wondiona analemba pamwamba pa tsamba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndinasiya ma ARV. Apongozi anga ndiwo ananyamula bukulo popita kokatenga mankhwala pa windo, ndipo pofika madzulo abale onse anali atamva. Kuyambira pamenepo ndinagula buku lachiwiri, lina la ku ma ARV, lina la matenda ena. Muuzeni mayiyo achite chimodzimodzi.

Yankho la kilinikala ofisa wina:
Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zinakuchitikirani, ndipo ndikudziwa kuti ambiri ali ndi mabuku awiri pa chifukwa chomwecho. Komabe njirayi ili ndi ngozi yake. Munthu wa 13A akayamba mankhwala a TB amafunika kuwonjezeredwa piritsi lina, ndipo mapilisi owonjezera magazi kapena othetsa kutentha pamtima amatha kuchepetsa mphamvu ya 13A akamwedwa nthawi imodzi. Wolemba mankhwala akaona buku losatchula ma ARV sangadziwe zimenezi. Ngati munthu wasankha mabuku awiri, azinena ndi pakamwa kwa dokotala aliyense kuti ali pa 13A. Aphungu, funsaninso za mankhwala ena amene mayiyu akumwa ndipo mulembe yankho lake, kuopa kuti vuto lonse lingakankhidwire pa nkhani ya m'banja.

Pa za nkhanza ndikusiyana pang'ono ndi anamwino. Ine ndikanalemba poyera kuti wanena zomenyedwa, ndi tsiku lake, pa pepala lotsekeredwa kwa mkulu wa chigawo, chifukwa tsiku lina angadzafune umboni umenewo kupolisi kapena kukhoti.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Za kumuwerengera zolemba ndi kufunsanso za foni ndichita akabwera. Pa za nkhanza sindinatsimikize, chifukwa kabati yathu yokhoma ndi imodzi ndipo kiyi wake amagwira anthu angapo, kuphatikizapo uja wa mpingo umodzi. Ndimufunsa kaye mayiyo ngati akufuna kuti zilembedwe. Kodi alipo amene anapeza njira yosungira pepala lotere pa chipatala chaching'ono, popanda kulijambula pa foni kapena kupita nalo kunyumba?