Chilengezo cha masika ndi matikiti a nkhomaliro: tilembe bwanji kuti akhristu asasokonezeke?

Mlembi wa mpingo, Dedza

Akuluakulu anzanga pa ntchito ya ulembi ndi yosunga chuma, ndikupempha nzeru. Bwalo la akulu a mpingo lagwirizana kuti mwambo wa masika chaka chino udzachitike Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Julaye, ndipo mapemphero akadzatha kudzakhala nkhomaliro yolipira, kuti tipeze ndalama zogulira malata a nyumba ya abusa. Chilengezo chimene ndinalemba chikuti: "Tsiku la masika layandikira, matikiti ndi K6,000, gulani kwa atumiki a m'milaga yanu." Abusa atachiwerenga anandibwezera, nati ndikachiganizirenso. Chaka chatha, ndisanalandire udindowu, mpingo unasindikiza matikiti 300 ndipo amayi anaphikira anthu 300, koma ndalama zimene zinafika kwa msungichuma zinali za matikiti 190 okha, komanso okalamba ambiri sanabwere n'komwe ku mapemphero. Kodi chilengezochi chikuperewera pati?

Msungichuma wopuma, Kasungu

Bambo mlembi, okalamba amene sanabwerewo akuuzani kale pamene pali vuto. Mwaika masika ndi mtengo wa tikiti m'chiganizo chimodzi, ndipo munthu womvera ali kumbuyo kwa tchalitchi, mwana akulira pambali pake, amagwira mawu awiri okha: masika ndi K6,000. Mayi amene anakonza ndowa imodzi ya chimanga kapena lichero la mtedza amaganiza kuti popanda tikiti abwezedwa pakhomo, choncho amakhala kunyumba ndi mphatso yake. Wina amamva mosiyana, amati akagula tikiti ndiye kuti wapereka kale masika, ndipo thumba limene akanabweretsa limatsala m'nyumba. Mpingo umataya mbali zonse ziwiri.

Lembani zilengezo ziwiri, ndipo pakati pake pakhale chilengezo china kapena nyimbo. Choyamba chinene kuti mapemphero othokoza ndi a aliyense, palibe cholipira, ndipo munthu abwere ndi chimene wakolola, kaya chimanga, nyemba, nkhuku kapena ndalama m'envelopu. Chachiwiri chikhale chotere: "Mapemphero a masika akadzatha, kudzakhala nkhomaliro yopezera ndalama za malata a nyumba ya abusa. Tikiti ndi K6,000 munthu mmodzi, ndipo tikitiyi siilowa m'malo mwa chopereka cha masika. Tikiti yovomerezeka ili ndi nambala ndi chidindo cha mpingo, imaperekedwa kwa amene walipiriratu, ndipo kugulitsa kudzatsekedwa Lamulungu loyamba la Julaye."

Mlembi wa bungwe la amayi, Mchinji

Ife vuto la masika tinalithetsa pofunsa mwini thumba aliyense ngati chimanga chake anathira kale mankhwala. Chaka china tinaunjika matumba m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, ndipo pofika Seputembala anankafumbwe anali atasandutsa ambiri kukhala ufa. Ndikupempha kuti m'chilengezo chanu mutchulemo zimenezi.

Mlembi wa mpingo, Dedza

Zikomo mayi, mawu amenewo ndiwaika m'chilengezo choyamba chija, ngakhale kuti chondisautsa kwenikweni ndi matikiti. Bambo a ku Kasungu, mawu akuti "walipiriratu" andiopsa pang'ono, chifukwa atumiki athu anazolowera kusiya tikiti pakhomo la mkhristu ndi kudzatenga ndalama pakutha pa mwezi.

Msungichuma wopuma, Kasungu

Chizolowezi chimenecho ndicho chinadya matikiti 110 a chaka chatha. Mtumiki sangakakamize mkulu wa mpingo mnzake kapena apongozi ake kubweza ngongole ya nkhomaliro imene inadyedwa kale, ndipo mawu amenewo mukawalengeza pa guwa mumamuchotsera mtumikiyo manyazi, chifukwa amangoyankha kuti bwalo ndilo linalamula. Tiyerekeze kuti mbale imodzi ya mpunga, nkhuku ndi masamba, pamodzi ndi nkhuni ndi mafuta ophikira, ikukudyerani K2,500. Mbale 110 zosalipiridwa ndi K275,000, ndalama zimene zinachoka m'phindu la iwo amene analipira mokhulupirika.

Chitani chotere. Sindikizani matikiti 250 m'mabuku khumi a matikiti 25, nambala iliyonse ilembedwe pawiri, pa tikiti yong'ambidwa ndi pa kachiduswa kotsala m'buku, pamene padzalembedwa dzina la wogula ndi mlaga wake. Mtumiki asaine m'kaundula wanu kuti watenga nambala 1 mpaka 25, ndipo tsiku lotseka abweze ndalama ndi matikiti otsala, zonse pamodzi zikwane 25. Mukadzapeza kuti mwagulitsa 200, muli ndi K1,200,000 m'manja sabata yathunthu tsikulo lisanafike. Amayi aphikire anthu 220, kuphatikizapo alendo oitanidwa ndi ophika eni ake, zimene ndi K550,000, ndipo mukachotsanso K40,000 ya wosindikiza mutsala ndi K610,000. Tsiku lotseka lilipo kuti amayi adziwe kuchuluka kwa nkhuku zogula, ndipo ndi bwino kunena chifukwa chimenechi m'chilengezo, poti anthu amalemekeza lamulo limene amva mutu wake.

Mtsogoleri wa achinyamata, Lilongwe

Ndikugwirizana ndi zogawa chilengezo pawiri, koma za mabuku ndikuona ngati n'zachikale. Ikani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba m'chilengezo, anthu azitumiza, ndipo uthenga wa pafoni ukhale tikiti yawo. Ngongole idzatha yokha, komanso ana a mpingo amene ali ku Joni adzatha kugulira makolo awo.

Msungichuma wa parishi, Zomba

Mfundo ya abale okhala kunja ndi yabwino, ndipo ife inatipindulira. Koma uthenga wa pafoni usakhale tikiti, chifukwa munthu akhoza kuutumiza kwa anzake atatu, ndipo woima pakhomo pa holo, mzere wa anthu anjala uli patsogolo pake, alibe mpata wofufuza. Nambala ikhale imodzi, yovomerezedwa ndi bwalo, ndipo chilengezo chitchule dzina limene lidzaoneka pa foni potumiza. Msungichuma akaona ndalama pa foni yolandirirayo, ang'ambe tikiti yapepala m'buku lapadera ndi kulemba dzina la wodzadya. Munenenso ngati wotumiza ayenera kuwonjezera ndalama yotapira, chifukwa ife tinaiwala, ndipo potseka mabuku ndalama zinaperewera mpaka tinayamba kukayikirana popanda wakuba.

Pamene ndikusiyana ndi bambo a ku Kasungu ndi pa kutsekeratu. Kwathu anthu ambiri amagula tsiku lomwelo akamva fungo la nkhuku, choncho timasunga matikiti 30 ogulitsa pakhomo pa mtengo wokwererapo.

Msungichuma wopuma, Kasungu

Mukangolengeza kuti pakhomo padzakhala matikiti, mpingo wonse udzadikira pakhomopo, ndipo Lamulungu lotsekera mudzawerenga 60 okha. Mukawasunga osalengeza, amene anathamangira kulipira adzati bwalo linawanamiza.

Mlembi wa mpingo, Dedza

Ndalemba zilengezo ziwiri monga mwandilangizira, ndipo zidzawerengedwa masabata anayi otsatizana, kuno ku likulu ndi m'nyumba zonse za mapemphero, ndi mawu ofanana kuti mlaga wina usamve zosiyana. Za matikiti apakhomo ndikazitula ku bwalo Loweruka, chifukwa sindingazigamule ndekha. Chimene chatsala ndi ana: kodi banja la ana anayi ligule matikiti asanu ndi limodzi a K6,000, kapena tisindikize ena amtundu wina a theka la mtengo? Wosindikiza akufuna yankho pofika Lachitatu.