Ndayiwala pasiwedi yaikulu koma foni ikutsegulabe ndi chala, nditani?

Kamtedza: Anthu abwino ndithandizeni mutu sukuyenda. Ndimasunga mapasiwedi anga onse mu Bitwarden, alipo ngati 130, za imelo, za ku banki, za kuntchito zonse zili momwemo. Vuto ndi loti kwa miyezi ngati 8 ndakhala ndikungotsegula ndi chala pa foni, pasiwedi yaikulu ija sindinayilembenso olo kamodzi. Dzulo ndagula laputopu yatsopano ndati ndilowe, yandifunsa pasiwedi yaikulu, ndayesa zonse zomwe ndikukumbuka mpaka usiku koma ikungokana. Pa foni ikutsegulabe bwinobwino ndi chala. Ndiye mafunso anga ndi awiri, pali njira yobwezera pasiwediyo? Komanso ngati palibe, ndisamukire pa apu iti yoti ukayiwala sizimakhala zoopsa chonchi?

Chiphaliwali: Aise zophweka izi, pita pomwe umalowera udine poti wayiwala pasiwedi akutumizira linki pa imelo usinthe basi.

Mai a Mapasa: Ayi achimwene, pamenepo palibe batani loti akusinthireni. Pasiwedi yaikuluyo ndi imene imapanga kiyi wotsekera nkhokwe yanu, ndipo kampaniyo siyisunga, chomwe ali nacho ndi nkhokwe yotsekatseka yomwe iwonso sangawerenge. Olo muwalembere kangati sangakutsegulireni. Koma a Kamtedza inu muli ndi mwayi waukulu chifukwa foni ikutsegulabe, ndiye musanachite china chilichonse mverani izi. Musadine Log out pa foniyo. Lock ndi Log out ndi zinthu ziwiri zosiyana, Lock imangotseka chitseko koma katundu ali mu foni momwemo ndipo chala chimatsegula, pomwe Log out imachotsa nkhokwe yonse mu foni ndipo pobwerera imafuna pasiwedi yomwe mwayiwalayo. Musafufute apu, musayipange apudeti, musawonjezere kapena kuchotsa chala china mu zoikamo za foni chifukwa mukasintha zala apu imasiya kukhulupirira chala n'kufuna pasiwedi yaikulu. Foniyo musayizimitsenso mpaka mutamaliza, ikhale pa chaja.

Kamtedza: Eee mwandiopsa mayi, m'mawa uno ndinatsala pang'ono kupanga Log out ndimati mwina zikonzeka. Nanga sindingangotulutsa zonse kukhala fayilo imodzi?

Mai a Mapasa: Mukapita pa Export vault ikufunsani pasiwedi yaikulu yomweyo, kusintha pasiwedi nako kumafuna yakale kaye. Ndiye njira ndi yamanja. Koma tisanafike kumeneko yesani zinthu ziwiri zosavuta. Choyamba pa tsamba lolowera pali poti akutumizireni chikumbutso chomwe munalemba tsiku lotsegula akaunti, chimabwera pa imelo, ngati munalembadi. Chachiwiri yang'anani pansi pa pomwe mumalemba imelo, pali posankha seva, `bitwarden.com` kapena `bitwarden.eu`. Akaunti imakhala pa seva imodzi yokha, mukasankha inayo imakukanirani ngati kuti pasiwedi ndi yolakwika pomwe ili bwinobwino. Anthu ambiri amalira usiku wonse chifukwa cha kakang'ono kameneka. Laputopu yatsopano onaninso kiyibodi, nthawi zina zizindikiro ngati @ ndi " zimakhala zitasinthana malo, ndiye lembani poonekera muone chomwe chikutuluka.

Wa Njinga: Ine yanga nditayiwala ndinangopita kwa okonza mafoni anayiflasha mphindi 20 zokha foni inatseguka.

Chiphaliwali: Akulu mwawerenga funso koma? 😂 Sakunena pasiwedi ya foni. Akaflasha foni imeneyi ndiye maliro enieni.

Bambo Tsoka: Ngati munayatsa chitetezo cha magawo awiri anakupatsani khodi yaitali yoti musunge, amayitcha recovery code. Ifuneni imeneyo, ndi ntchito yake yomweyi.

Mai a Mapasa: Khodiyo ilipodi bambo ndipo ndi yofunika kusunga, koma ntchito yake ndi ina. Imathandiza mukataya foni yomwe imatulutsa manambala 6 otsimikizira polowa aja, imangozimitsa gawo lachiwirilo. Poyigwiritsa ntchito amakufunsanibe imelo ndi pasiwedi yaikulu. Mwina mukusokoneza ndi apu ina yosungira mapasiwedi ya 1Password, kumeneko kuli khodi ya dzina lomwelo yomwe imakulowetsanidi mukayiwala pasiwedi, bola munayipanga vuto lisanachitike ndipo imelo yanu mukutha kuyitsegula.

Bambo Tsoka: Oo chabwino, ine ndimaganiza kuti ndi chimodzimodzi paliponse. Ndiye kapepala kanga ndakhala ndikukadalira pachabe zaka zonsezi.

Kamtedza: Ndayesa. Seva ndi yolondola, kiyibodi ili bwino. Chikumbutso chabwera chikuti "ija ya masiku onse koma yaitali" 😭 ine wa chaka chatha ndinali wopusa bwanji. Ndiyambire pati kukopera?

Mai a Mapasa: Yambani ndi imelo, chifukwa pafupifupi akaunti ina iliyonse mukhoza kuyibwezeretsa kudzera pa imelo, koma imelo ikatayika zonse zapita. Lembani pasiwedi yake pa pepala pompano. Kenako pa laputopu tsegulani akaunti yatsopano ndi adiresi ina ya imelo, poti yakaleyo ikadali yomangika ku akaunti yakale. Ikani foni pambali muzikopera chimodzichimodzi, banki ndi za ndalama, za kuntchito, zina zonse pambuyo. Pa 130 mupeza kuti mwina theka ndi masayiti omwe simulowanso, asiyeni. Chomwe anthu amayiwala ndi izi, si dzina ndi pasiwedi zokha. Tsegulani chilichonse muone pansi ngati muli manotsi kapena mafunso achinsinsi. Ngati manambala 6 aja amatulukira mu Bitwarden momwemo, musakopere manambalawo poti amasintha masekondi 30 aliwonse, dinani Edit mukopere kiyi wautali yemwe ali pa Authenticator key. Mapasikii, makiyi olowera pa sayiti popanda kulemba pasiwedi, sakopereka ndi manja, mulowe pa sayiti iliyonse mupange atsopano. Ndipo musamadzitumizire mapasiwedi pa meseji kapena kujambula sikirini kuti zifulumire, zithunzi zimakakhala kumtambo osadziwa. Mukamaliza khalani sabata kapena ziwiri mukugwiritsa yatsopano, mukaona kuti palibe chasowa ndiye mufufute yakale. Kufufuta sikufuna pasiwedi, amangotumiza linki pa imelo:

```
https://vault.bitwarden.com/#/recover-delete
```

Koma ikafufutika yapita mpaka kale, ndiye musathamangire.

Nachisale wa Kutali: Ndiikepo yanga mwina ithandiza ena. Ine ndinkadzitama kuti ndili ndi bakapu, ndinatulutsa fayilo ya .json yotsekedwa n'kuyisunga pa fulashi. Nditayiwala pasiwedi ndinati aa palibe vuto, ndafufuta akaunti, ndatsegula ina, ndikuti ndilowetse fayilo ija ikukana. Kufufuza ndinapeza kuti potulutsa pamakhala zosankha ziwiri, Account restricted ndi Password protected, ine ndinasankha yoyambayo osawerenga. Imeneyo imatsekedwa ndi kiyi wa akaunti yomwe yatulutsa, ndiye akauntiyo ikafa fayilo imasanduka zinyalala. Kulakwa kunali kwanga ndithu, zinalembedwa pa sikirini pomwepo. Panopa ndimasankha Password protected, ndimayipatsa pasiwedi yakeyake ndipo ndinayesa kuyilowetsa kwina kuti ndione ngati ikutsegukadi.

Kamtedza: Pepani achemwali, zimenezo ndi zowawa kuposa zanga. Nanga funso lachiwiri lija, ndikhalebe pomwepa kapena ndisamuke?

Gulugufe: Samukani mubwere ku KeePassXC. Ndi yaulere, nkhokwe yanu ndi fayilo imodzi ya .kdbx yomwe ili pa kompyuta panu, palibe seva ya munthu. Mukukumbuka za LastPass mu 2022 akuba anakopera nkhokwe za anthu kuchokera ku maseva? Ine kuyambira pamenepo sindisunga kanthu kwa eni ake.

Mai a Mapasa: KeePassXC ndi yabwino ndimayigwiritsa kuntchito, koma siyikuyankha vuto la a Kamtedza. Kumeneko mukayiwala palibe olo chikumbutso cha pa imelo, ndipo ngati munawonjezera fayilo ya kiyi n'kuitaya ndi chimodzimodzi. Bakapu ndi kulumikiza foni ndi laputopu zonse ndi mutu wanu. Kwa munthu woyiwala ine ndimayang'ana chinthu chimodzi posankha, apuyi ikundilola kukonzeratu njira yanji yobwerera. Mu Bitwarden yolipira muli Emergency access, mumasankha munthu womukhulupirira yemwe ali ndi akaunti yake, olo yaulere, n'kuika masiku odikira, tinene 7. Akapempha mumalandira imelo, mukavomera kapena masikuwo akatha osakana amalowa, ndipo mukamupatsa Takeover amatha kuika pasiwedi yaikulu yatsopano n'kukupatsani. Mu 1Password amakupatsani Emergency Kit, pepala losindikiza lokhala ndi Secret Key ndi malo olembapo pasiwedi ndi cholembera, ndipo pa akaunti ya banja woyang'anira amatha kubwezeretsa wachibale amene wayiwala. Zonsezi zimagwira pokhapokha munazikonza kale, lero sizingakupulumutseni.

Gulugufe: Takeover imeneyo ndiye kumupatsa munthu makiyi a moyo wako wonse. Mukayambana, iye n'kupempha iwe uli paulendo osaona imelo masiku 7? Ine ayi.

Mai a Mapasa: Zoona chiopsezo chimenecho chilipo, n'chifukwa chake masiku mumasankha nokha, mukhoza kuika ambiri. Ine ndinaika mng'ono wanga ndipo ndimagona tulo. Amene sakufuna munthu, pepala ndi lokwanira. Lembani imelo ya akaunti, seva, pasiwedi yaikulu, khodi ya magawo awiri ija, pasiwedi ya imelo ndi ya fayilo ya bakapu, muike mu envelopu pamodzi ndi mapepala ofunika a pakhomo. Pasiwediyo ikhale mawu 5 osagwirizana omwe jenereta ya mu apu yasankha, osati ija ya masiku onse yotalikitsa.

Chiphaliwali: Koma mayi si inu nomwe akatswiri mumatiuza kuti pasiwedi salemba pa pepala?

Mai a Mapasa: Timanena kapepala komata pa sikirini ku ofesi. Wakuba wa pa intaneti sangafike mu sutikesi yanu.

Gulugufe: Zimatengera mukukhala ndi ndani m'nyumbamo. Ena wakuba amadya naye mbale imodzi.

Kamtedza: Ndafika pa 41, maso akuwawa koma imelo ndi banki zasamuka. Ndatsala pa Bitwarden pomwepo poti ndinazolowera, pasiwedi yatsopano ndalemba pa pepala ndipo pa laputopu sindiika chala kuti ndiziyilemba tsiku lililonse mpaka ilowe m'mutu. Za munthu wa Emergency access ndikuganizabe, a Gulugufe andisokoneza. Funso lina, muli zithunzi ziwiri za ziphaso zomwe ndinamata ngati mafayilo mu nkhokwe yakaleyo, zimenezi nditulutse bwanji?

Nachisale wa Kutali: Tsegulani chinthu chomwe munamatapo, pansi pali dzina la fayilo ndi kabatani kodawunilodera, musunge mu foni kaye kenako musamutse ndi kebulo. Pamafunika netiweki chifukwa mafayilowo sakhala mu foni, amachokera ku seva. Chitani lero lomwe foni isanasinthe maganizo.