Thandizeni, shelefu yanga ikukana kuphwasuka pa kompyuta

Wosauka Mtima: Akuluakulu pa gulu pano ndithandizeni, mutu wanga waima. Alamu anga amapanga mashelefu a mabuku oti wogula akalumikize yekha kunyumba, ndiye anandiuza kuti ndiwakonzere kabuku ka malangizo, kokhala ndi chithunzi chija zigawo zonse zimaoneka zotayana, komanso kakanema kosonyeza kalumikizidwe. Iwowo amaganiza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ntchito yoyamba imene ndinawagwirira sanandipatsebe kanthu mpaka lero, koma foni akuimba katatu pa tsiku. Laputopu nayo ikutentha, batire linafa kale, ndipo masiku atatu awa sindinagone bwino. Shelefuyo ndinaijambula bwinobwino, ikuoneka ngati yeniyeni. Koma ndikati ndiiphwasule, palibe chikuchoka pamalo, ndikakoka thabwa limodzi shelefu yonse imatsatira. Ndalakwitsa pati?

Mjomba wa Blender: VUTO LAKE NDI LIMODZI, SIMUKUGWIRITSA BLENDER. Ndi yaulere. Lowani mu Edit Mode, dinani P, sankhani By Loose Parts, chilichonse chipatukana. Nkhani yatha.

Nachisale: Achimwene, mwatiuza za alamu, za batire, za tulo, koma pulogalamu imene mukugwiritsa simunaitchule. Tikuthandizani bwanji?

Bambo a Tadala: Kugwira ntchito ndi achibale n'kovuta. Ine ndinawajambulira msuweni wanga matebulo asanu ndi limodzi, mpaka pano tikakumana amayamba ndi kufunsa za ana.

Kalipentala Wakale: Shelefu ikukana kuphwasuka ndiye yabwinotu imeneyo. Ife timavutika kuti isaphwasuke. Kapena mwathira guluu wambiri?

Mjomba wa Blender: Guluu wa pa kompyuta bwana? Kkkk. Blender basi.

Wosauka Mtima: Pepani, ndi Fusion 360. Ndikupita ku Animation, ndikudina Auto Explode: All Levels, koma zii.

Nachisale: Bwererani ku Design, muone mndandanda wa kumanzere uja. Tsegulani foda ya Bodies mutiuze muli chiyani.

Wosauka Mtima: Muli Body1 mpaka Body28, zonse pansi pa dzina limodzi loti Shelefu. Matabwa 8, timitengo tolumikizira 12, masikuluwu 8.

Nachisale: Vuto ndi limenelo. Ku Animation pulogalamuyi imasuntha Component, siisuntha Body. Inu muli ndi Component imodzi yokha, ndiye kwa iyo shelefu yonse ndi chinthu chimodzi, n'chifukwa chake ikuyenda yonse. Sankhani matabwa 8 aja, dinani kumanja kwa mausi, musankhe Create Components from Bodies. Kenako lililonse mulipatse dzina lomveka, monga mbali yakumanzere, mbali yakumanja, lapamwamba, lapansi, lakumbuyo. Mukasiya Component7, mawa simudziwa kuti ndi thabwa liti.

Masikuluwu ndi timitengo musachite nazo chimodzimodzi. Mukatero sikuluwu iliyonse idzakhala chinthu chapachokha, ndipo pa mndandanda wa zigawo mudzatuluka mizere 8, uliwonse wonena kuti sikuluwu ndi imodzi. Pangani Component ya sikuluwu imodzi, zinazo mufufute, kenako muikope ndi Copy ndi Paste kasanu ndi kawiri. Osati Paste New, chifukwa imeneyo imapanga chinthu chatsopano chosagwirizana ndi choyamba. Mukachita bwino, mndandanda udzalemba mzere umodzi, kuchuluka kwake 8. Matabwa atatu apakati aja ngati ali ofanana, chimodzimodzinso.

Mjomba wa Blender: Mwaona kutalika kwake? Ine ndanena batani limodzi. Ndipo mizere yakuda yokongola ngati ya m'mabuku imatuluka ndi Freestyle kapena Line Art.

Nachisale: Mizereyo imatulukadi, sindikukana. Koma mndandanda wa zigawo ndi timanambala tolozera adzazilemba ndi manja, ndipo alamuwo akasintha utali wa thabwa, ayambirenso. Munthu wajambula kale, mukufuna asamuke chifukwa cha batani limodzi?

Mjomba wa Blender: Ine ndinayamba 3D inu musanagule kompyuta.

Mayi wa Zosindikiza: Ine zanuzo sindizidziwa, koma chonde musadzabweretse chithunzi chojambula pa sikirini. Wina anandibweretsera chotero, matabwa a bulauni pamwamba pa mtundu wotuwa. Titasindikiza ndi inki yakuda chinangokhala chimtambo, masikuluwu osaoneka, ndiye akukalipira ine. Tumizani PDF ya mizere yokhayokha.

Wosauka Mtima: Zatheka! Zikusuntha tsopano. Koma Auto Explode yamwaza zinthu mwachisawawa, masikuluwu ena akupita m'mwamba pomwe bowo lake lili m'mbali. Ndipo kanemayo akungozungulira yekha, ukamaonera chizungulire.

Achimwene Joni: Kuzungulirako n'chifukwa choti imajambulanso kamera. Nthawi iliyonse mukatembenuza shelefu kuti muone bwino, imasunga. Dinani View pamwambapo kuti isiye, ndipo zomwe yasunga kale pa mzere wa View pansi paja mufufute. Za kalumikizidwe musavutike, phwasulani mmene mukufunira, kenako pa dzina la Storyboard dinani kumanja musankhe Reverse. Kanema wolumikiza watha.

Nachisale: Za kamera mwalondola. Za Reverse, theka. Imangobweza zimene munachita, siidziwa kuti shelefu imalumikizidwa bwanji. Mukaphwasula zonse nthawi imodzi, pobweza zonse zidzalowanso nthawi imodzi, matabwa akudutsana ngati mizimu, wogula osaphunzirapo kanthu. Siyani Auto Explode, gwiritsani Transform Components, chinthu chimodzichimodzi, kuyambira chomwe chimalowa pomaliza. Sikuluwu ituluke molunjika ndi bowo lake, pa muvi umodzi wokha, ndipo muyatse Trail Line Visibility kuti kamzere kasonyeze komwe ikulowa. Masikuluwu a mbali imodzi muwasankhe pamodzi, muwatulutse mtunda wofanana, woposa utali wa sikuluwuyo kuti nsonga ioneke. Koma funso: thabwa lakumbuyo limalowa m'kangalande kapena limakhomedwa ndi misomali?

Wosauka Mtima: Sindikudziwa, ndinangojambula kuchokera pa chithunzi chimene alamu ananditumizira.

Kalipentala Wakale: Aaa, mwana wanga, ukulemba malangizo a chinthu chimene sunachigwirepo? Ngati pali kangalande, lakumbuyo limatsetsereka kuchokera pamwamba, ndiye lapamwamba limabwera pomaliza. Ukayamba watseka pamwamba, munthu amasulanso masikuluwu anayi akutukwana. Timitengo timayamba talowa m'mphepete mwa matabwa apakati, mbali imodzi ili chogona pansi, kenako mbali inayo n'kuvundikira. Pita ukailumikize ndi manja kamodzi, uzilemba chimene wagwira poyamba.

Bambo a Tadala: Ndipo popita kumeneko mukatengeretu ndalama ya ntchito yoyamba ija.

Achimwene Joni: Chithunzi cha m'kabuku mutenge ku New Drawing, From Animation, musankhe Storyboard yophwasula ija. Koma imatenga mmene zinthu zilili kumapeto kwake, ndiye musanadine Reverse ikopeni kaye, apo ayi mupeza shelefu yolumikiza kale.

Mayi wa Zosindikiza: Ndipo zigawo 28 pa tsamba limodzi ayi. Timitengo tidzaoneka ngati fumbi. Chithunzi chachikulu chimodzi poyamba, kenako tsamba lililonse sitepe imodzi kapena ziwiri.

Mjomba wa Blender: Masamba ambiri ndi kuwononga mapepala. Kanema yekha akwanira, anthu masiku ano sawerenga.

Mayi wa Zosindikiza: Munthu dzanja limodzi wagwira thabwa, lina sikuludiraiva, foniyo aimitsa ndi mphuno?

Wosauka Mtima: Ndawaimbira alamu, akuti kangalande kalipo, koma pa chojambula changa sindinaikemo. Ndiye thabwa lakumbuyo ndinalijambula lalifupi kapena? Ndipo sikuluwu ingathe kumazungulira ikamalowa, kuti anthu aone kuti ndi yomanga? Akuti abwera mawa m'mawa kudzaona.

Mjomba wa Blender: Mu Blender imazungulira.